Mawu a m'munsi mwa positala ya promoshoni ya kutsegulira sukulu

Amake Chisomo: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeniko maganizo ndisanapereke ndalama ya mapositala. Pa shopu yanga ya ku Kamwala, muno mu Lusaka, ndikufuna kuchita promoshoni ya kutsegulira sukulu monga chaka chatha, koma chaka chatha inandisiyira mikangano yambiri pa kauntala mpaka mtsikana wondigulitsira analira. Ulendo uno ndalemba chonchi: "ZONSE ZA SUKULU ZATSIKA NDI 20 PERESENTI MPAKA JANUWALE. Mukagula za K500, kachikwama ka mapensulo n'kaulere. Fulumirani katundu asanathe." M'munsi mwake ndikufuna timawu ting'onoting'ono tonena malire ake, koma sindikudziwa kuti ndilembe chiyani.

Dalitso: Amayi, tumizani pa WhatsApp ndikukonzereni. Timawu ta m'munsi timalowa bwinobwino ngakhale pa pepala la A4, ndimangochepetsa zilembo. Mufuna mapositala angati?

Amake Chisomo: Mwanawe, za kusindikiza tidzakamba. Pano funso langa ndi la mawu enieniwo, osati kukula kwa zilembo.

A Tembo: Amake Chisomo, tisanalembe chilichonse tiuzeni kaye kuti mikangano ya chaka chatha inali ya chiyani. Ine ndinayang'anira nthambi ya sitolo ya katundu wa m'nyumba mu Freedom Way kwa zaka zambiri, ndipo mawu a m'munsi amene ankatithandiza anali aja tinalemba titakumbukira mkangano weniweni. Aja tinangokopera kwa ena sanatithandize konse.

Amake Chisomo: Inali itatu. Woyamba, ine ndinatseka promoshoni sukulu zitatsegulidwa, koma anthu anapitiriza kubwera mpaka kumapeto kwa mwezi, atanyamula chithunzi cha positala m'foni, akuti Januwale sanathe. Wachiwiri, bambo wina wogulitsa m'misika anagula mapaketi 80 a makope tsiku limodzi, makolo obwera mawa lake osapeza kanthu. Wachitatu ndiwo unandipweteka. Mayi wina wa ku Chawama, kasitomala wanga wakale, anabwera ndi ana awiri kudzayezetsa yunifolomu yosokedwa. Nditamuuza kuti yosokedwa siili pa promoshoni, analoza mawu akuti "zonse" pa khomo. Sanabwerenso mpaka lero.

A Tembo: Tiyambe ndi masiku. Mawu akuti "mpaka Januwale" ali ndi matanthauzo atatu. Wina amva kuti ithera pa 31 Disembala, Januwale asanalowe. Wina amva kuti mpaka pa 31 Januwale. Inuyo mumatanthauza tsiku lotsegulira sukulu. Onse atatu akhoza kulumbira kuti awerenga bwino. Ngakhale mutalemba "mpaka pa 17 Januwale", padzapezeka wofunsa ngati tsiku la 17 lenilenilo lili mkati. Ndiye lembani tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza, lililonse ndi dzina lake la pa sabata, deti, chaka, ndi ola lotsekera. Chaka musachisiye, chifukwa chithunzi cha positala chimakhala m'mafoni a anthu ndipo chimatulukanso Disembala winayo.

Amake Chisomo: Ndikufuna iyambe Khirisimasi itangodutsa, Lolemba pa 29 Disembala, ithe Loweruka pa 17 Januwale. Loweruka ndimatseka ma 15. Lamulungu sindimatsegula.

A Tembo: Basi mulembe kuti: "Promoshoni iyamba Lolemba pa 29 Disembala 2025. Tsiku lomaliza ndi Loweruka pa 17 Januwale 2026, ndipo tidzatseka 15:00." Ndalemba "tsiku lomaliza ndi" mwadala, kuti mawu akuti "mpaka" asapezekemo. Pa 1 Januwale ndi Lachinayi, tsiku latchuthi. Ngati simudzatsegula nenani, chifukwa munthu wochokera ku Matero atalipira minibasi n'kupeza chitseko chotseka adzafuna kuti mumuwonjezere tsiku.

Amai Zulu: Pa nkhani ya ola ndili ndi yanga. Ine ndimagulitsa nkhuku ku Mtendere, ndipo pa Khirisimasi yathayi ndinatsitsa mtengo, kuti ithe pa 24. Usiku wa pa 24, ma 22, munthu anatumiza ndalama pa Airtel Money ya nkhuku khumi pa mtengo wotsika, n'kudzabwera pa 27 kudzatenga. Masiku atatu amenewo ndinazidyetsa ine. Ndinam'patsa chifukwa panalibe pamene ndinalemba kuti ayi.

A Tembo: Nkhani ya Amai Zulu ikukukhudzani, Amake Chisomo, ngati mumalandira ndalama za pa foni. Muyenera kusankha chimene chimatseka chitseko: kodi ndi nthawi imene munthu waitanitsa katundu, imene walipira, kapena imene wadzatenga? Ine ndimalangiza kulipira, chifukwa ndi chokhacho chili ndi umboni. Uthenga wa ndalama umabwera ndi ola lake, ndipo nonse awiri mukhoza kuuona. Uthenga wakuti "ndisungireni saizi 4" si kugula. Kenako muikenso masiku odzatengera katundu wolipiridwa kale. Nsapato sizidya monga nkhuku, koma zimatseka malo ndipo zikasowa mlandu ndi wanu.

Amake Chisomo: Nanga netiweki ikavuta? Zimachitika kuti munthu watumiza 14:50 koma kwa ine uthenga ufika madzulo.

A Tembo: Pamenepo tengani ola limene lili pa uthenga wa wotumizayo. Iye mbali yake wachita. Lembani kuti "tidzayang'ana ola la pa uthenga wa malipiro".

Mabvuto: Ine ndikuona ngati mukuzitalikitsa. Masitolo akuluakulu amangolemba mzere umodzi wakuti eni sitolo ali ndi mphamvu yosintha kapena kuthetsa promoshoni nthawi iliyonse. Onjezani kuti katundu wa promoshoni akagulidwa sabwezedwa. Mizere iwiri imeneyi imatseka pakamwa aliyense. Pa shopu yanga ya mafoni ku City Market ndimachita choncho.

A Tembo: A Mabvuto, mzere wachiwiriwo uchotseni ngakhale pa shopu yanu. Lamulo la mpikisano pa malonda ndi kuteteza ogula, lija la 2010, pa ndime 48, limaletsa mwini shopu kupachika chikwangwani chokana udindo wake kapena cholanda wogula ufulu umene lamulo lam'patsa. Chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa chili m'gulu limenelo, ndipo a bungwe loteteza ogula la CCPC amayendera mashopu n'kumachotsetsa zoterezi. Chindapusa chake chikhoza kufika pa 10 peresenti ya ndalama zonse zimene bizinesi yalowetsa pa chaka. Nsapato ikamatuka soli sabata yoyamba, kutsika mtengo sikuchotsa udindo wa wogulitsa.

Mabvuto: Koma ndiye munthu azingobweza chilichonse akafika kunyumba n'kusintha maganizo? Ife tidzatseka mashopu.

A Tembo: Ayi, pamenepo muli ndi mfundo. Katundu wowonongeka ndi nkhani ina, kusintha maganizo ndi nkhani ina. Mayi akagula saizi 3 pamene mwana avala 4, nsapatoyo ilibe vuto, ndipo mwini shopu akhoza kuika dongosolo lake la kasinthidwe: masiku angati, risiti ikhalepo, nsapato isavalidwe panja. Chimenecho lembani poyera. Chimene simungalembe ndi mawu otseka zonse pamodzi. Ndipo pali kanthu kena kamene anthu amaiwala. Nsapato ya K350 ikatsika ndi 20 peresenti imagulidwa K280. Ikabwezedwa mu Febuluwale, mtengo utabwerera pa K350, mumabweza zingati? K280, imene ili pa risiti. Zimaoneka zodziwikiratu, koma ndinaonapo munthu akulimbikira mtengo wa pa shelefu. Mzere umodzi wakuti "tibweza ndalama imene munalipira" umathetsa zimenezo.

Mabvuto: Chabwino, za kubweza ndamva. Koma mzere woyamba uja, wa mphamvu yothetsa promoshoni, sindiusiya. Katundu akatha pa 5 Januwale mudzatani?

A Tembo: Katundu kutha ndi chifukwa chenicheni, ndiye tchulani chifukwacho. Kulemba kuti mukhoza kusintha chilichonse nthawi iliyonse kuli ngati kuuza wogula kuti masiku amene mwalemba pamwamba alibe ntchito. Munthu wabwera chifukwa cha lonjezo lanu. Amake Chisomo, makope muli nawo angati?

Amake Chisomo: Mapaketi 300, paketi iliyonse makope khumi. Ndinaoda pa K42, ndimagulitsa K60. Pa promoshoni ikhala K48.

A Tembo: Ndiye phindu lanu pa paketi latsika kuchoka pa K18 kufika pa K6. Mukulolera kutaya K12 pa paketi kuti kholo lilowe m'shopu, ligulenso nsapato ndi juzi. Bambo uja wa mapaketi 80 anakuchotserani K960, osagula china chilichonse, ndipo anakuchotseraninso makolo amene akanabwera chifukwa cha makopewo. Malire ndi a chimenecho. Komanso m'malo mwa "katundu asanathe" lembani nambala: mapaketi 300. Munthu akabwera mochedwa n'kupeza atha, amakhulupirira kuti analipodi. Popanda nambala amaganiza kuti munaika mapaketi khumi okha ongokopera anthu.

Amake Chisomo: Ndilembe kuti mapaketi atatu pa munthu mmodzi?

Amai Zulu: Atatu achepa, amake mwana. Ine kunyumba ndili ndi ana asanu ndi mmodzi a sukulu, anga atatu ndi a malemu mchemwali wanga atatu. Awiri ali ku sekondale. Mapaketi atatu sakwanira ngakhale theka. Ndiye ine mundiika pamodzi ndi wogulitsa m'misika?

Tisa: Ndiloleni ndilankhulepo monga munthu amene amaima pa kauntala. Ndimagulitsa pa famase ku Kabwata. Lamulo lakuti "pa munthu mmodzi" ndi lovuta kwa ife. Munthu amagula m'mawa, masana atumiza mwana, madzulo abwera mkazi wake. Ine ndingadziwe bwanji? Ndipo masiku a kutsegulira sukulu mzere umafika panja, palibe nthawi yofunsa munthu chitupa chifukwa cha makope.

A Tembo: Tisa wanena chinthu chachikulu. Musalembe lamulo limene wogulitsa wanu sangathe kuliona ndi maso ake pa kauntala. "Pa munthu mmodzi" kwa masabata atatu kumafuna kaundula wa maina. "Pa risiti imodzi" amakuona pomwepo, koma wochenjera amalipira kasanu motsatizana. Pakati pake pali "pa munthu mmodzi pa tsiku", chifukwa nkhope ya lero wogulitsa amaikumbukira. Sizitseka mpata wonse. Wogulitsa m'misika akhoza kutuma anyamata ake, koma kuti atole mapaketi 80 adzavutika kwambiri moti phindu lake lidzathera m'kutumako.

Za Amai Zulu, njira ndi kusakana kugulitsa. Malirewo akhale a mtengo wotsika, osati a kugula. Mapaketi oyamba pa K48, opitirira pamenepo pa K60. Mayi wa ana ambiri amapita ndi zonse zimene afuna tsiku lomwelo.

Amai Zulu: Komabe ndilipira zambiri chifukwa cholera ana amasiye. Bwanji amene wabwera ndi pepala la ku sukulu la zofunika za mwana aliyense aziloledwa kupitirira?

Tisa: Mapepala amenewo amazungulira pa WhatsApp, amayi. Aliyense akhoza kuonetsa asanu.

Amai Zulu: Wofuna kunama adzanama, koma ambiri amene ndimawadziwa sadzanama.

Amake Chisomo: Ndikweza malire akhale asanu pa tsiku. Makope 50 pa mtengo wotsika, ndipo amene afuna ena abwerenso mawa. Amai Zulu, ndikudziwa kuti sizikukwaniritsani kwenikweni chifukwa kubweranso ndi ndalama ya minibasi, koma za mapepala ndikuopa kuti mtsikana wanga ndiye adzakhale woweruza kuti pepala ili ndi loona, ili ndi labodza.

Amai Zulu: Ine ndikanakhala inu ndikanalola mapepala. Koma shopu ndi yanu.

A Tembo: Tsopano mayi uja wa ku Chawama. Amake Chisomo, ndinene mosabisa: iye sanalakwe. Pamwamba munalemba "zonse". Mawu a m'munsi ntchito yake ndi kufotokoza za pamwamba, sangazitsutse. Mukalemba "zonse" ndi zilembo zazikulu, m'munsi n'kuchotsamo yunifolomu, chinthu chimene kholo limayamba kuganiza likamva za sukulu, ndiye kuti mwamuitana munthu ndi mawu amene si oona. Lamulo lomwe lija limaletsanso kusocheretsa wogula pa za mtengo. Koma ngakhale lamulo litakhala kuti kulibe, mwaona nokha kuti munataya kasitomala.

Amake Chisomo: Yosokedwa sindingaitsitse. Telala ndimamulipira pa chovala chilichonse, nsalu ndimagula, chotsala ndi chochepa kwambiri. Palinso nsapato zina zachikopa zochokera kunja zimene ndimaoda modula.

A Tembo: Palibe akukukakamizani kuzitsitsa. Chotsani mawu akuti "zonse" basi, mutchule zimene zatsikadi. Pamwamba: "Nsapato, majuzi, zikwama ndi makope zatsika ndi 20 peresenti." Koma poti nsapato zina sizili mkati, mawu akuti "nsapato" nawonso akunena zopitirira. Mukhoza kumata kapepala kofiira pa bokosi la nsapato iliyonse yotsika, n'kulemba kuti "nsapato za kapepala kofiira". Kholo limaona lokha lisanamuyeze mwana. Choipa kwambiri ndi chakuti mwana wayeza, waikonda, ndiye pa kauntala mpamene amva kuti iyi siili mkati.

Dalitso: Timapepala tofiira tomata ndili nato, amalume, tozungulira. Ndipo poyamba paja ndinalakwitsa kunena zochepetsa zilembo. Anthu ambiri positala amaionera pa foni, ndipo WhatsApp imafinya chithunzi moti timawu tating'ono timasanduka utsi. Ena akamaika pa WhatsApp amadulanso m'munsi. Ndiye masiku ndi mawu akuti yunifolomu yosokedwa siili mkati ndingaziike pakati, pafupi ndi 20 peresenti, osati kunsi kwenikweni.

Tisa: Pali china chimene palibe wachikhudza. K500 ya kachikwama kaulere ija, ndi K500 mtengo usanatsike kapena utatsika? Kholo litenga nsapato ya K350 ndi juzi ya K180. M'mutu mwake lawerengera K530, ndipo mwana wasankha kale kachikwama. Pa kauntala nsapato ikhala K280, juzi K144, zonse K424. Kachikwama apatsidwa kapena ayi?

Amake Chisomo: Mayo, chimenechi sindinachiganize n'komwe. Ine ndimatanthauza ndalama imene yalowa m'kabati.

A Tembo: Ndiye mawu akuti "mukagula za K500" asinthe akhale "mukalipira K500 kapena kuposerapo pa risiti imodzi, mitengo itatsika kale". "Kapena kuposerapo" ndi kofunika, chifukwa wolipira K500 yeniyeni ayenera kudziwa kuti ali mkati. "Pa risiti imodzi" ndi kofunikanso, apo ayi wina adzabwera ndi marisiti atatu a masiku osiyana n'kuwaphatikiza. Funso lotsatira: wogula yunifolomu yosokedwa ya K500, imene siinatsike, alandira kachikwama?

Amake Chisomo: Alandire. Ameneyo ndiye walipira mtengo wonse. Tizikwama ndili nato 100.

A Tembo: Nenani zonse ziwirizo. Nayi mmene ndingalembere, inu mukonze:

"Promoshoni iyamba Lolemba pa 29 Disembala 2025. Tsiku lomaliza ndi Loweruka pa 17 Januwale 2026, ndipo tidzatseka 15:00. Lamulungu ndi pa 1 Januwale sititsegula. Zotsika ndi 20 peresenti ndi majuzi, zikwama, makope ndi nsapato za kapepala kofiira. Yunifolomu yosokedwa ndi nsapato zopanda kapepala sizinatsike. Makope a promoshoni alipo mapaketi 300. Munthu mmodzi agula mapaketi asanu pa tsiku pa K48 paketi iliyonse, opitirira pamenepo ndi K60. Mukalipira K500 kapena kuposerapo pa risiti imodzi, mitengo itatsika kale, mulandira kachikwama ka mapensulo kamodzi. Katundu aliyense wa m'shopu amawerengedwa pa K500 imeneyi. Tizikwama tilipo 100. Olipira pa foni, tidzayang'ana ola la pa uthenga wa malipiro, ndipo katundu mudzatenge pasanathe masiku atatu. Saizi ikalakwika tisintha pasanathe masiku asanu ndi awiri, mukabwera ndi risiti ndi katundu wosavalidwa. Katundu akapezeka ndi vuto bwerani naye. Tikabweza ndalama, ndi imene munalipira."

Mabvuto: Yatalika, a Tembo. Ndani adzawerenge zonsezi ataima pa khomo ku Kamwala, anthu akukankhana?

A Tembo: Ambiri sadzawerenga, n'zoona. Pa positala pakhale masiku, zosatsika ndi malire a makope. Yonseyo imatidwe pa kauntala, pamene wogulitsa akhoza kuloza ndi chala mkangano ukayamba, ndipo itumizidwenso pa WhatsApp ngati uthenga wolembedwa pamodzi ndi chithunzi. Amake Chisomo, musanasindikize mupatseni mtsikana wanu awerenge, kenako mumufunse mafunso a makasitomala a chaka chatha aja. Pamene wakayikira kuyankha, mawuwo sanamveke.

Tisa: Mulembenso m'Chingerezi? Ku Kamwala kumabwera olankhula Chibemba, Chitonga, ngakhale a ku Congo.

Amake Chisomo: Ndilemba ziwiri. Koma ndiopa kuti zingasiyane penapake.

A Tembo: Alembe munthu mmodzi, ndipo manambala muwayerekeze mzere ndi mzere. Zikadzasiyana, ine ndikanapatsa wogula imene ikumukomera, chifukwa olakwitsa ndi inu.

Amake Chisomo: Chatsala chimodzi, leyibayi. Ndili ndi amayi asanu ndi anayi amene anayamba kulipirira nsapato pang'onopang'ono kuyambira Novembala pa K350. Ena atsala ndi K100 yokha. Akadzaona yomweyo ili K280 adzati chiyani?

Mabvuto: Pangano lawo ndi la K350. Lembani kuti leyibayi yoyamba promoshoni isanayambe siili mkati, nkhani yatha.

Amai Zulu: A Mabvuto, amenewo ndiwo osauka kwambiri, n'chifukwa chake akulipira pang'onopang'ono. Ndipo ndiwo anakukhulupirirani n'kukusungitsani ndalama. Wobwera ndi ndalama yonse m'thumba alipire K280, iwo K350?

A Tembo: Werengerani kaye. Kusiyana ndi K70 pa nsapato, anthu asanu ndi anayi, ndiye K630 ngati onse mungawatsitsire. Njira zonse ziwiri zikhoza kulembedwa momveka. Ya a Mabvuto ndi mzere uja anena. Inayo ndi yakuti amene amaliza kulipira mkati mwa masiku a promoshoni alipira mtengo wotsika, ndipo imeneyi imawafulumizitsa kumaliza. Ili ndi vuto lake: amene wafika kale pa K300 ndiye kuti mukumubwezera K20, ndipo amene anamaliza pa 20 Disembala adzamva kuti wamanidwa. Pamenepa sindikusankhirani, anthuwo mumawadziwa ndi inu. Chokha n'chakuti chimene mwasankha muwauze pa foni positala isanatuluke.

Amake Chisomo: Awiri anamalizadi sabata yatha, ndipo mmodzi ndi wa ku tchalitchi kwathu. Ndiyang'ana kaye m'buku la leyibayi usiku uno ndione kuti aliyense wafika pati. Dalitso, usayambe kusindikiza, mzere wa leyibayi ndidzakutumizira mawa madzulo. Timapepala tofiira tija undisungire 200.